Za dzina ndi chikalata cha pa botolo la mafuta aja

Mzuzu

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko. Kuno tili bwino, koma chisanu chayamba kuluma, ndiye nyengo yeniyeni imene khungu limatuwa ndipo mafuta odzola amayenda malonda. Wandifunsa za maina atatu a mafuta anu odzola amene iwe ndi mng'ono wako wa ku Chibavi mukuganizira, komanso za maonekedwe a botolo. Nazi zimene ndikuona.

Loyamba lija, "Mafuta a Malambe", lisiyeni. Limangofotokoza zimene zili m'botolo, ndipo aliyense wofinya nthanga za malambe ali ndi ufulu wolemba mawu omwewo. Ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda dzina lotere amalikana. Komanso tsiku limene mudzayambe kupanga sopo wa uchi, dzinalo lidzakhala likunama. "Nyika" ndi lokoma kumva, koma ndi dzina la malo, ndipo amalonda ambiri kuno kumpoto analitenga kale. N'kovuta kuletsa wina kuligwiritsa ntchito. Ine ndikuvomereza lachitatu, "Mame". Ndi lalifupi, limakumbutsa chinyezi cha m'mawa, ndipo likhoza kukhala pa sopo, pa mafuta ngakhale pa zopaka pamilomo.

Koma musanasindikize kanthu, liyeseni. Imbirani anthu khumi, mutchule dzinalo kamodzi kokha, muwauze alilembe pa meseji. Ngati atatu kapena anayi alemba "Mama" kapena "Mami", dziwani kuti wogula adzavutika kukupezani pa Facebook, ndiye muwonjezere liwu lachiwiri lolisiyanitsa. Usaiwale kuti kuno ndi ku Mzuzu: pa anthu khumiwo pakhale olankhula Chitumbuka ndi Chitonga, akuuzeni ngati liwulo silimveka mwina m'chiyankhulo chawo. Kenaka mukafufuze ngati wina sanalilembetse kale m'gulu 3 la zizindikiro za malonda, lomwe ndi la sopo ndi zodzoladzola. Kulembetsa dzina la bizinesi si kulembetsa chizindikiro. Ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amagwa pomwepa.

Tsopano chikalata. Tiyerekeze kuti mwasankha kabotolo kokamwa kwakukulu kolowa magalamu 100, kotambalala masentimita 6. Kuzungulira kwake ndi pafupifupi masentimita 19. Chikalata chikhale cha masentimita 17, pakhale mpata pang'ono kumbuyo, chifukwa nsonga zikakumana, kupendekeka kulikonse kumaonekera. Kutalika kwake muyeze khoma lowongoka lokha. Chikafika pamene botolo layamba kupindika chimachita makwinya n'kuyamba kumatuka. Njira yosavuta ndi kudula pepala wamba, kulikulunga pa botolo, n'kupita nalo kwa osindikiza.

Pepala lenileni la chikalata lisakhale wamba. Mafuta akalikhudza limachita mawanga, ndipo inki ya makina osindikizira a kunyumba imasungunuka ikanyowa. Funsani sitika ya pulasitiki yokutidwa pamwamba. Musanamate, pukutani botolo ndi sipiriti, apo ayi guluu sagwira pa mafuta otsalira. Sindikizani zisanu zokha poyamba, botolo limodzi mulisiye m'bafa sabata yathunthu likugwiridwa ndi manja amafuta. Zisanu zomwezo zidzakuonetsaninso mtundu weniweni, pakuti chobiriwira chowala cha pa foni chimatuluka chodera pa makina. Mitundu iwiri ndi yokwana, kalembedwe kamodzi ka dzina, ndipo zisamasinthe pa katundu aliyense. Tsamba lobiriwira lija limene aliyense amajambula, chonde lisiyeni. Chipatso cha mlambe chong'aluka pakati chimadziwika msanga.

Botolo likhale loyera losaonekera mkati kapena lofiirira. Loonekera mkati limakongola pa chithunzi, koma kuwala kumafulumizitsa mafuta kuwonongeka n'kuyamba kununkha.

Kutsogolo kukhale dzina, chimene chili mkati, ndi kulemera. Kumbuyo mulembe zosakaniza kuyambira chochuluka kutsikira ku chochepa, wopanga ndi kumene ali, nambala ya mphika umene munapanga, tsiku lopanga ndi lothera mphamvu. Malo a nambala ndi masiku muwasiye opanda kanthu, muzidinda pambuyo, kuti zikalata zisatayike mwezi ukatha. Za sopo, mumuyeze pa sikelo atauma masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, chifukwa amapepuka madzi akamachoka. Mukalemba kulemera kwa tsiku limene mwamudula, ndiye kuti mwanamiza wogula.

Mng'ono wako umuletse mawu akuti "amachiza zipere" kapena "amachotsa ziphuphu". Mukangolemba choncho, chinthucho chasanduka mankhwala, ndipo mwalowa m'malamulo a bungwe loona za mankhwala la PMRA. "Amafewetsa khungu louma" n'kokwana. Chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS nachonso sichiikidwa lisanayeze katundu wanu ndi kukulolani.

Unditumizire muyeso wa botolo limene mwapeza, pamodzi ndi wa chivindikiro, ndikuwerengereni kukula kwa sitika yozungulira ya pamwamba. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa ku Katoto