Chimbale cha roko choposa zonse timachidziwa bwanji?

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo kuzizira sikukukuzunza. Kuno tonse tili bwino. Kalata yako ndalandira, koma mawu ako akuti Sgt. Pepper's cha The Beatles ndicho chimbale choposa zonse za roko chifukwa magazini ya Rolling Stone idatero, andisowetsa mtendere.

Nzoona, mu 2003 adachiika pa nambala 1 pa mndandanda wawo wa zimbale zopambana. Koma magazini yomweyo mu 2020 idachitsitsira pa nambala 24, nyimbo zake zili zomwezo. Amene adasintha ndi oponya mavoti.

Ine muyeso wanga ndi uwu: sokoneza ndondomeko ya nyimbo, kapena chotsapo imodzi, kenako umvetsere. Ngati palibe chawonongeka, umenewo ndi mulu chabe wa nyimbo zokoma. Tayesa ndi The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha mu 1973, chotalika pafupifupi mphindi 43. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima, nkuthera pa kugunda komweko. Nyimbo zake zimalowana popanda kupumira. Breathe, ya koyambirira, imabweranso kumapeto kwa Time, itangotha nkhani ya zaka zimene munthu wataya osadziwa, ndiye mawu ake amalemera kuposa poyamba paja. Pomwepo Clare Torry amalowa ndi mfuu yopanda mawu mu The Great Gig in the Sky. Ukaimvera payokha umangoti mayiyu ali ndi mmero. Ukaimvera pamalo pake, Time itangotha, umamva munthu akuyang'anizana ndi imfa, thupi nkuchita tsembwe. Ndidayesapo kuisuntha tsiku lina, mphamvu yonse ija idathawa.

Sgt. Pepper's pamuyeso umenewu chimatsimphina. Ganizo la chimbalechi, loti The Beatles ndi gulu lopeka loimba pabwalo, limagwira nyimbo ziwiri zoyamba, nkubweranso chakumapeto. Zapakatizo utha kuzisinthanitsa osataya zambiri. Komanso Strawberry Fields Forever ndi Penny Lane, zojambulidwa nthawi yomweyo, adazisiya kunja nkuzitulutsa pazokha.

Ndivomereze kuti muyeso wangawu umakondera zimbale zokhala ndi mutu umodzi. Ndiye pamafunika funso lachiwiri: chitatuluka, oimba ena adayamba kuchita zotani? Apa mbali yako ikulimba, poti The Beatles adajambula zonsezo mu 1966 ndi 1967 pa makina ojambulira mawu a mizere inayi yokha, ndipo anzawo adaona kuti situdiyo nayonso ndi choimbira. Nevermind cha Nirvana nachonso chili ndi mfundo yomveka: mu Januwale 1992 chidachotsa Michael Jackson pamwamba pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Amereka, makampani nkuyamba kuthamangira magulu a magitala aukali a ku Seattle.

Ine ndikadali pa Pink Floyd. Upeze madzulo amodzi, uzimitse foni, umvere Sgt. Pepper's ndi The Dark Side of the Moon osadumpha nyimbo, ndipo undilembere pamene maganizo ako adayamba kuyendayenda pa chilichonse.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale.