Kalata yochokera ku Joni: za a Napolo

Okondedwa Amayi ndi nonse kumudzi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ku Joni ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti kuzizira kwa mwezi wa Juni kwafika poipa.

Uthenga munawatuma achemwali uja ndaumva, woti mdzukulu wanu wapatsidwa chibalo chifukwa chokuwa kuti "Napolo akubwera!" aphunzitsi ali kumbuyo kwake. Amayi, ndaseka mpaka anzanga a m'nyumba muno kudabwa. Musapite kusukulu kukadandaula. Mwanayo walakwa pokuwa, koma dzinalo si lachipongwe, ndipo ndi lakale kuposa iyeyo.

Anayambitsa ndi akuluakulu amene anali patsogolo pathu, madzi atangosefukira kwathu ku Phalombe mu 1991, anthu ponseponse akukamba zoti Napolo watsika m'phiri. Aphunzitsiwa anali atangofika kumene, akadali mnyamata. Belu lija la limu ya galimoto likangolira, ankatuluka mu ofesi n'kuzungulira kuseri kwa zimbudzi, kudzera kumjigo mpaka pansi pa mtengo wa mango, kukokolola aliyense wochedwa. Ukagwidwa, chako chinali chidebe: kutunga madzi n'kuthirira mitengo ya sukulu anzako akuphunzira. Sukulu ya ulere itayamba mu 1994 tinachuluka zedi, makalasi ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo, koma iwo ankadziwabe wajomba ndani, ndi mwana wa yani.

Ife titafika Sitandade 8 tinawapatsa lathu, a Bwereza. Ankatiitana 6 koloko m'mawa kudzachita masamu tisanalembe mayeso a MANEB, osalipiritsa ngakhale tambala. Amakupatsa choko kuti ugawe, tinene 1,248 ndi 12, pabolodi. Ambirife tinkapeza 14, chifukwa tikatsitsa 4 n'kuona kuti 12 salowamo, tinkathamangira kutsitsa 8 osalemba ziro. Iwo sankakuuza pomwe waphonya. Ankangoti, "Chulukitsa yankho lako ndi 12." Ukapeza 168, amakuyang'ana n'kunena mawu amodzi okha: "Bwereza." Umaima pomwepo mpaka 104 atuluke. Mpaka lero ndikalandira malipiro, ndimawerengera maola anga chobwerera m'mbuyo momwemo, ndipo kapitawo amadziwa kuti pa ine sangadumphe ziro.

La Kinnah linabwera ife titachoka. Achimwene ang'ono ndi amene angafotokoze bwino, poti ndi gulu lawo linawatcha choncho mu 2010, Flames ya Kinnah Phiri itachinya Algeria 3-0 ku Angola. Akuti ankawathamangitsa kuzungulira bwalo mpira asanaukhudze n'komwe, ndipo wolephera mayeso a pakati pa teremu ankakhala panja ngakhale akhale wogoletsa zigoli.

Mdzukulu wanuyo mumuuze izi. Maina amene ana amapatsa aphunzitsi ali pawiri. Alipo otengera thupi la munthu, dazi, mimba kapena kayendedwe. Amenewo ndi achipongwe, amanenedwa opanda ulemu, ndipo mphunzitsi akangosamutsidwa amaiwalika. Tinali nawo otere, sindiwalemba pano. Koma dzina lochokera pa zimene munthu amachita kapena mawu amene amakonda kunena limakhalitsa. Kalasi imasiyira kalasi inzake, makolo nawonso amalitola. Inu nomwe, Amayi, ndikukumbuka mukutidzutsa kuti "Fulumirani, a Napolo akupezani panjira." Ndipo ngakhale tinkanong'ona, sitinkasiya "a" wa ulemu. Mwanayo wachotsa "a" ameneyo, n'kukuwanso pagulu. Chidebecho chamuyenera.

Asaganizenso kuti eni ake salidziwa. Tsiku lomaliza tisanalembe mayeso, analowa m'kalasi, kutigawira mapensulo ogula ndi ndalama zawo, n'kunena nkhope ili gwa kuti, "Mawa Napolo kulibe, aliyense adziwolotse yekha." Tinasowa poyang'ana. Kenaka anaseka, koyamba chaka chonsecho, kalasi yonse n'kuphulika.

Tamva kuti akupuma pantchito kumapeto kwa teremu ino. Tilipo angapo kuno amene tinadutsa m'manja mwawo, ena ali ku Cape Town, ndipo tasonkha kangachepe. Tagula jekete, bulangete ndi wotchi ya pamkono. Pa wotchiyo panali mkangano woti tilembepo dzina liti. A mpira amafuna Kinnah, ine ndimafuna Bwereza, koma akuluakulu apambana, talembapo "A Napolo".

Katunduyo abwera pa basi mpaka ku Blantyre, achimwene akamutenge ndikawaimbira. Pokapereka mupite ndi mdzukulu wanuyo, anyamule yekha bulangetelo, akapepese atagwada. Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha. Moni kwa malume ndi onse a kumpingo.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni