Lipoti la maphunziro a malonda amene munandituma ku boma la Mangochi

Amayi apampando, akomiti ndi amayi anzanga nonse a gulu lathu la ogulitsa usipa, zikomo pondituma. Maphunziro anali a masiku awiri. Za kalembedwe ka buku la ndalama ndidzakuonetsani buku lili m'manja tikadzakumana. Pano ndafuna ndilembe za phunziro limodzi lokha, chifukwa likukhudza mkangano umene wakhala ukutigawa, woti banyira tizipereka kwa wogula aliyense kapena ayi.

Tsiku loyamba nkhomaliro inachedwa, tinadya cha m'ma 2 koloko. Titabwerera m'chipinda, aphunzitsi anatifunsa kuti mbale ya nsima imene tadya ija tikanalolera kuigula ndalama zingati tikanakhala kuti tikulipira tokha. Ambiri tinati ngakhale K3,000 tikanapereka, njala inali itatipweteka. Anafunsanso za mbale yachiwiri. Ena anati K1,000, ena anati akanadya akanapatsidwa ulere basi. Atafika pa yachitatu, bambo wina wa ku Namwera anati imeneyo angadye pokhapokha iyeyo atalipidwa. Ufa ndi womwewo, wophika yemweyo, ndiwo zomwezo. Chasintha ndi m'mimba mwa wakudyayo: mbale yoyamba yapha njala, yachiwiri yangotsendera, yachitatu yasowa ntchito yoti igwire.

A zachuma amachitcha majinolo yutilite, ife tinagwirizana kumati phindu la chowonjezera. Si phindu la ndalama ayi, koma kukhutira kumene munthu amapeza pa chinthu chimodzi chimene wawonjezera pamwamba pa zimene ali nazo kale. Lamulo lake ndi lakuti phindu limeneli limatsika pamene chinthucho chikuchuluka. Mjeremani wina, Hermann Gossen, analilemba mu 1854, ndipo a zachuma ena awiri, Jevons ndi Menger, analifalitsa mu 1871. Anzathu achisilamu amene tinali nawo anati iwo amaliona chaka chilichonse pa Ramadani: madzi oyamba omasulira kusala dzuwa litalowa sangafanane ndi kapu yachinayi.

Tsono nkhani ifike pa usipa. Manambala awa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo mitengo yake ya tsikulo. Mayi wabwera pa benchi, mulu tikugulitsa K1,000. Mulu woyamba ndi ndiwo za usiku uno, popanda umenewu ana adya nsima ndi masamba okha, choncho mumtima mwake angalolere K1,500. Wachiwiri ndi wa mawa masana, angalolere K1,100. Wachitatu ndi wa mkuja, pomwe ana adzakhala atayamba kudandaula kuti usipa tsiku ndi tsiku, ndiye kwa iye ndi wa K600. Wachinayi mwina K300. Mayiyu agula milu iwiri n'kuima, osati chifukwa ndalama zamuthera, koma chifukwa mulu wachitatu sukufika pa K1,000 imene tikufuna. K1,000 yotsalayo aona kuti imuthandiza kwambiri akagula tomato, mafuta a m'kapepala ndi mchere, zimene kunyumba kulibiretu. Ine kale ndinkati kasitomala wotere ndi woumira. Sali woumira, akuwerengera bwino.

Ndiye timukope bwanji kuti atenge wachitatu? Tikati itatu K2,500, mulu wachitatu wamutsikira pa K500, pansi pa K600 yake ija, ndipo atenga. Koma apa ndi pamene aphunzitsi anatiimitsa, nanenso ndikupempha kuti tiimepo. Funso ndi lakuti mulu umenewo watidyera zingati ifeyo. Tenga mtengo wa chigoba ku doko, uphatikize thiransipoti, chiphaso cha msika ndi mapepala okulungira, ugawe ndi milu imene imatuluka m'chigobamo. Ngati mulu ukutidyera K400, tapeza K100 pa mulu umene sukanagulidwa n'komwe. Ngati ukutidyera K700, tataya K200, ndipo tikachita zimenezi kwa anthu 20 pa tsiku, K4,000 yachoka pa phindu lathu ife tikusangalala kuti beseni latha msanga. Chizindikiro chake tonse tikuchidziwa: katundu watha masana, koma pokaoda mawa ndalama sizikukwana beseni lomwe lija.

Cholakwika china, chimene ine ndakhala ndikuchita, ndi kutsitsa mtengo wa milu yonse. Ndikatsitsa kufika K600 kuti mayi uja atenge itatu, ndilandira K1,800, pomwe pa mtengo wakale ndinkalandira K2,000 pa milu iwiri yokha. Ndapereka usipa wambiri n'kulandira zochepa. Woyamba ndi wachiwiri akanagula ndithu pa K1,000. Kutsitsa kukhale pa chowonjezera chokha, ndipo banyira ndi yomweyo: ipite kwa amene wagula kale iwiri, osati kwa aliyense wogula umodzi. Pa mfundo iyi ndikuona kuti amayi amene ankakana banyira ya aliyense ankanena zoona, ngakhale ine ndinali mbali inayo.

Lamulo lomweli likufotokoza chifukwa chake timilu ta K500 timayenda kuposa milu ikuluikulu masiku a pakati pa mwezi, monga momwe wokumani wa ufa amayendera. Munthu wa ndalama zochepa amafuna gawo loyamba la chilichonse, ufa pang'ono, ndiwo pang'ono, makala pang'ono, chifukwa magawo oyamba ndiwo ali ndi phindu lalikulu. Ukamuikira mulu waukulu wokha, ukumukakamiza kugula mbale yachitatu pamodzi ndi yoyamba, ndipo amapita pa benchi ina.

Ndinafunsa za amalonda amene amabwera kudzaoda matumba kupita nawo ku Limbe kapena ku Lilongwe, poti iwo amatenga matumba asanu osatopa nawo. Yankho linali lakuti iwowo sakudya, akukagulitsa, ndiye chimene chimawaimitsa ndi msika wa kumeneko ukadzaza, osati mimba. Palinso kusiyana kwa katundu. Usipa wouma bwino pa thandala umasungika, choncho mulu wachitatu sutsika mtengo kwambiri m'maso mwa wogula. Chambo chachiwisi kwa munthu wopanda firiji chimatsika msanga, nsomba yachitatu ndi nkhawa kale. Ndipo pali zinthu zimene lamuloli silionekera poyamba: ngati denga likufuna malata 20, lata la nambala 20 ndi lofunika kuposa lachisanu, chifukwa popanda ilo nyumba idontha. Njala nayo imabwerera, mbale imene yakanidwa lero ndi yoyambanso mawa. N'chifukwa chake kasitomala wobwera tsiku lililonse kudzagula mulu umodzi amatipindulira kuposa womuumiriza kutenga inayi kamodzi motchipa.

Ndikupempha gulu kuti Loweruka likubwerali tivomereze kapena tikane zinthu ziwiri. Choyamba, aliyense abwere atawerengera kuti mulu wake umamudyera zingati pa chigoba chimene waoda sabata ino. Chachiwiri, tiyese kwa masabata awiri mtengo wa itatu pa mabenchi anayi okha, ena apitirize monga kale, kenako tidzayerekeze ndalama zotsala tikachotsa mpamba, osati kuthamanga kwa beseni. Ndalama ya thiransipoti imene munandipatsa inatsalako, ndaibweza kwa asungichuma pamodzi ndi kapepala ka momwe ndinayendera.