Mwana wanga pafomu ya bambo ake palibe

Zikomo Azakhali,

Ndikulemba usiku uno tulo tasowa. Dzina langa musalitchule. Ndimagwira ntchito pakampani ina ku Blantyre, ndipo mnzathu wina wa kuntchito adamwalira pangozi ya galimoto mwezi watha. Ndikuti mnzathu poti ndi mmene onse amadziwira. Zinazo mudzimvera nokha. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, ndipo malemuwo ndiwo adali bambo ake.

Lolemba a ofesi yoona za antchito adatumiza imelo kwa tonse yofotokoza mmene ndalama za inshuwalansi ya moyo ya pagulu zimatulukira. Ngakhale dzina la malemu adalilemba molakwika, munthu woti wawagwirira ntchito zaka zonsezi, koma zisiyeni. Akuti lamulo la penshoni limakakamiza bwana aliyense kulembetsa antchito ake ku inshuwalansi yosachepera malipiro a chaka chimodzi, koma ya pakampani pathu ndi ya zaka ziwiri. Malemu ankalandira K450,000 pamwezi. Ndawerengera ndekha: pachaka ndi K5,400,000, ndiye kawiri ikukwana K10,800,000. Ndalamazi n'zosiyana ndi za penshoni zimene ankasonkha, izo akuti zili ndi fomu yakeyake.

Musandione ngati wadyera. Pamaliro ndidasonkha K20,000 ya chipepeso monga wina aliyense, ndidakhala kumbuyo ndi amayi a kuntchito, ndidalira mobisa nkhope m'chitenje pamene mayi a kunyumba akuwagwiriza uku ndi uku. Mayi wina wa muofesi mwathu adandifunsa mokweza kuti bwanji maso afiira chonchi ngati wafedwa ndiwe. Mayi yemweyo ndi amene adasunga ndandanda ya chipepeso, ndipo dzina langa adaliika kumapeto ngakhale ndidapereka woyamba.

Imeloyo ikuti banja silipita lokha kukampani ya inshuwalansi. Abwana ndiwo amadzaza fomu ndi kutumiza, banja limangobweretsa mapepala: chiphaso cha imfa cha ku NRB, kalata ya kuchipatala yonena chomwe chidamupha, lipoti la apolisi poti idali ngozi, chiphaso cha unzika cha malemu, ziphaso ndi maakaunti a kubanki a olandira, komanso ziphaso zobadwira za ana. Pepala limodzi likasowa kapena maina akasiyana kalembedwe, zonse zimaima. Kenaka pali mzere umene wandidwalitsa mutu. Akuti ndalama zidzagawidwa potsatira fomu imene malemu adalembapo oti adzalandire, koma ngati pali wodziwa za mwana kapena munthu wina amene ankadalira malemu, akanene ku ofesi mwezi uno usanathe, mapepala asanatumizidwe.

Fomu imeneyo adaidzaza polowa ntchito, mwana wanga asanabadwe. Chaka chilichonse ofesi imatikumbutsa kuti tikonzenso maina, ndipo iye ankangoti ndichita, ndichita. Ndikudziwa kuti sadachite. Ankaopa kuti amene amasunga mafayilo aona dzina lachilendo n'kuyamba kunong'ona. Ndiye adateteza mbiri yake, mwana n'kumusiya padzuwa. Komabe sindifuna kumunena, sankaphonya fizi ya kunasale, ndipo mauthenga a ndalama zimene ankanditumizira pafoni mwezi ndi mwezi onse ndidasunga.

Vuto lina ndi ili. Pachiphaso chobadwira cha mwana, malo a dzina la bambo ndi opanda kanthu. Tidagwirizana choncho pa zifukwa zimene sindingalembe pano. Kwawo amene akudziwa ndi mchemwali wake mmodzi, adabwerapo kudzaona mwana ali wakhanda, koma chichitikireni maliro sakuyankha foni yanga. Mayi a kunyumba sadandilakwire chilichonse, ali ndi ana atatu, ndipo ndikudziwa kuti gawo la mwana wanga lichoka m'mbale ya anawo. Koma nanga wangayu adalakwa chiyani? Amandifunsabe kuti adadi abwera liti.

Ndiye ndithandizeni, Azakhali. Mwana amene dzina lake pafomu palibe angalandire kanthu, kapena fomuyo ndiyo mapeto? Mauthenga a pafoni aja ndi umboni wokwanira, kapena adzafuna kalata ya khoti, kapena kuyeza magazi, ndipo ayeza ndi ndani poti mwini wake ali m'manda? Ndingathe kulembera matrasiti, anthu oyang'anira thumba la penshoni, kapena a inshuwalansi mwachindunji osadzera muofesi mwathu, momwe nkhani ikalowa mmawa pofika masana ili kale kukantini? Ndikakhala chete mpaka ndalama zigawidwe, khomo latsekeka mpaka kalekale? Nanga ndiyambe ndakaonana ndi mayi a kunyumba ndekha asanamve kwa ena, kapena kumeneko n'kuwaonjezera chisoni nsalu yakuda asanavule? Ntchito yanganso ndikuiopera. Mwezi ukutha Lachisanu likudzali.

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa mwana mmodzi, Blantyre