Dandaulo pa kalembedwe ka msonkho umene ogula athu anadula

Kwa Mkulu wa Kampani Yowerengera Ndalama,

Bwana,

Ndalemba kalatayi podandaula ndi momwe ofesi yanu inasungira mabuku a kampani yathu yogulitsa mapepala ndi zolembera ku Limbe chaka chatha, makamaka pa msonkho umene ogula amadula asanatilipire nʼkukapereka ku MRA mʼdzina lathu.

Ndiyambe ndi invoisi imodzi. Tinaperekera sukulu ina katundu wa K8,000,000, osawerengera VAT, ndipo sukuluyo inadula 3 peresenti monga lamulo likunenera, yomwe ndi K240,000, nʼkutipatsa setifiketi yotsimikizira kuti yadula. Kalaliki wanu ataona kuti ku banki kwalowa ndalama yoperewera, analemba K240,000 ija ngati kuchotsera mtengo kumene tinapatsa wogula. Ife sitinamuchotsere mtengo aliyense. Ndalamayo ndi msonkho wathu umene walipiridwiratu, choncho malonda anayenera kulembedwa athunthu, ndipo yodulidwayo nʼkuikidwa mu akaunti yakeyake yodikira kudzachotsedwa pa msonkho wa kumapeto kwa chaka.

Wina anganene kuti zonse nʼchimodzimodzi poti ndalamayo yachotsedwabe penapake, koma si choncho. Ikalembedwa ngati yotayika imangochepetsa phindu, ndipo poti msonkho wa kampani ndi 30 peresenti, timapulumutsapo K72,000 yokha. Ikachotsedwa pa msonkho weniweniwo timapulumutsa K240,000 yonse.

Chaka chonse ogula anatidula K1,800,000, ndipo kalalikiyo anachita zomwezi pa invoisi iliyonse. Inu munatiuza kuti msonkho wathu ndi K4,500,000, ife nʼkulipira wonse. Mukanalemba moyenera, phindu likanakwera ndi K1,800,000, msonkho nʼkufika K5,040,000, ndipo pochotsa zimene ogula anadula tikanalipira K3,240,000. Tinalipira K1,260,000 mopitirira, ndalama imene kwa kampani yaingʼono ngati yathu ndi mpamba wopikulira katundu.

Chondipweteka kwambiri nʼchakuti masetifiketi ndinabweretsa ndekha ku ofesi yanu, ndipo atandibwezera faelo ndinawapeza ali mu envulopu yomwe ija, yomata. Imodzi mwa masetifiketiwo ili ndi nambala ya msonkho ya TPIN yolakwika. Munthu akanawatsegula nthawi yomweyo bwenzi titauza wogulayo kuti akonze, chifukwa ndalama yolembedwa pa nambala ya wina singawerengedwe ngati yathu mpaka cholakwikacho chitakonzedwa.

Ndikupempha kuti muyerekeze setifiketi iliyonse ndi invoisi yake komanso ndi zimene zikuoneka pa akaunti yathu ya Msonkho Online, mukonze mabuku, kenako mupereke ku MRA malipoti okonzedwa opempha kuti ndalama yopitirirayo ibwezedwe kapena iwerengedwe pa msonkho ukubwerawu. Ntchito imeneyi musatilipiritsenso, popeza tinailipira kale. Ndikuyembekezera yankho lanu lolemba pasanathe masiku 14.

Ine wanu,
Mwini kampani