Chilengezo: Ndondomeko ya Ogwira Ntchito Mongodzipereka pa Chionetsero Chathu cha Masiku Awiri

Mamembala onse olemekezeka,

Komiti yokonza chionetsero cha mbewu ndi ntchito zamanja, chomwe chidzachitike Loweruka ndi Lamulungu kuno ku Zomba, ikukudziwitsani momwe tidzasinthanirane pa ntchito.

Malo ofunika anthu ndi anayi: pachipata, patebulo lolembetsa, kukhitchini ndi poimika magalimoto ndi njinga. Tsiku lililonse lagawidwa m'zigawo zitatu za maola atatu, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndipo malo alionse pafunika anthu awiri pa chigawo chilichonse, kuti wina akachokapo pang'ono mnzake atsale. Izi zikutanthauza mipata 24 patsiku, 48 masiku onse awiri. Popeza amene talembetsa tilipo 26, anthu 24 adzagwira zigawo ziwiri aliyense pa masiku awiriwa, pomwe awiri otsalawo adzakhala oyendayenda, olowa m'malo mwa amene wachedwa kapena wadwala.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi Lamulungu m'mawa, chifukwa ambiri mwa ife timakhala tili kutchalitchi. Tikupempha amene amapemphera Lachisanu kapena Loweruka kuti atenge chigawo chimenechi, ndipo opemphera Loweruka sadzapatsidwa ntchito pa tsiku lawolo, koma adzagwira zigawo ziwiri Lamulungu. Ochokera kutali, monga ku Domasi, Jali ndi Thondwe, tidzawaika masana poganizira mayendedwe a minibasi.

Chonde mudzafike mphindi 15 nthawi yanu isanakwane, ndipo musadzachoke pamalo panu wokulandirani asanafike ndi kusayina m'kaundula. Ngati mwagwirizana zosinthana ndi mnzanu, dziwitsani mlembi lisanafike Lachinayi, chifukwa kusinthana kwapakamwa ndiko kunasiya chipata chopanda munthu ulendo watha.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti