Bilu ya K88,200 pa pulani ya K72,000: mundiyankhe pompano

Inu a kampani yathu ya intaneti, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa ku ofesi kwanu ndapitako kawiri, ndipo chomwe ndinabwera nacho ndi mutu wopweteka basi. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Ndakhala ndikulipira K45,000 pamwezi osaphonya. Mwezi wathawu makasitomala atachuluka, ndinaimba foni kupempha kuti mundikweze pa pulani ya K72,000. Amene anayankha anati zatheka mayi, musadandaule. Bilu itabwera inali K88,200. Pansi pake panali kamzere kakuti "Proration adjustment" ndi K16,200, popanda mawu ena alionse.

Ndinatseka shopu n'kukwera minibasi, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu sindikukumbuka, koma K4,000 yopita ndi kubwera ndikuikumbuka bwino. Ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Nditafika pa kauntala, mtsikana amene ndinamupeza anali pa foni yake, chingamu kukamwa. Ndinamupatsa moni, sanayankhe. Ndinamuonetsa bilu, anangoisuzumira n'kuikankhira kwa ine ndi chala chimodzi, amvekere: "Ndi sisitimu imeneyo mayi, mukangolipira." Ndinati mwanangu, sindikukana kulipira, ndikufunsa kuti K16,200 yachokera kuti. Anapumira m'mwamba, n'kuitana munthu amene anali kumbuyo kwanga. Ine mayi wa ana anayi kundisiya chiimire ngati ndabwera kudzapempha mchere. Zikomo kwambiri, mumawaphunzitsa bwino antchito anu.

Anzanga amene mukuwerenga, ntchito imene mtsikanayo anaikana anaigwira mlamu wanga, amene amawerengera ndalama kuntchito kwawo. Anaigwira pakhonde, kuseri kwa envulopu, tiyi asanazizire. Ndikuuzeni kuti nanunso asadzakuimitseni mutu.

Anati choyamba ndiiwale kalendala. Mwezi wanga wa bilu umayamba tsiku limene ndinalumikizidwa, osati pa 1, ndipo pa bilupo unali wa masiku 30. Mtengo wa pulani amaugawa ndi masikuwo. K45,000 kugawa ndi 30 ndi K1,500 patsiku, ndipo K72,000 kugawa ndi 30 ndi K2,400 patsiku. Ine ndinali nditalipiratu K45,000 yonse kumayambiriro, koma pomwe ndimasintha ndinali nditagwiritsa ntchito masiku 12 okha, kutsala 18. Masiku 18 amenewo ndinawalipira kale pa mtengo wakale, yomwe ndi K27,000, ndiye imeneyo amandibwezera papepala. Kenako masiku omwewo amawalipiritsa pa mtengo watsopano, K43,200. Kuchotsera K27,000 pa K43,200 kumatsala K16,200. Njira yachidule ndi yakuti tsiku lililonse lotsala linakwera ndi K900, ndipo K900 kuchulukitsa ndi 18 ndi yomweyo. Popeza sanandilipiritse tsiku losinthalo, anaisunga n'kuiphatikiza ndi K72,000 ya mwezi wotsatira, n'kukhala K88,200. Puloreshoni yawoyo ndi imeneyi. Imabwera kamodzi, bilu yotsatira iyenera kubwerera pa K72,000. Mlamu anandichenjezanso kuti mwezi ukakhala wa masiku 31 ziwerengero zimatuluka ndi matambala, chifukwa K72,000 kugawa ndi 31 ndi K2,322.58, ndiye munthu asadabwe.

Mpaka apa ndinavomera, ndipo manyazi anandigwira pang'ono chifukwa ndinali nditauza kale anthu kuti mwandibera K16,200 yonse. Koma mlamu anandifunsa funso limodzi: kodi liwiro latsopanolo linayamba tsiku lomwe munaimba foni? Ayi ndithu! Ndinadikira masiku atatu, mafailo a makasitomala akukwawa ngati kale, mpaka ndinaimbanso kawiri. Uthenga wanu wonena kuti pulani yatsopano yayamba ulipo mufoni mwangamu, ndipo unafika patatsala masiku 15, osati 18. Ndiye inu mwawerenga kuyambira tsiku limene ndinapempha, m'malo mwa tsiku limene munandipatsa katunduyo. K900 kuchulukitsa ndi 15 ndi K13,500. Mwandilipiritsa K16,200. Pali K2,700 ya masiku atatu amene ndinalipira mtengo wa pulani yaikulu ndikugwiritsa ntchito yaing'ono. Bilu yoona ndi K85,500.

Ndinatenga envulopu ija n'kubwereranso ku ofesi sabata yomweyo kapena yotsatira, K4,000 inanso. Mwatsoka ndinapeza yemwe uja. Ndinayala masamu anga pa kauntala. Sanawayang'ane n'komwe, anangoti: "Mayi, inu ndi kompyuta wodziwa masamu ndani?" Anthu pamzere anaseka. Ndinapempha kuonana ndi bwana wake, akuti ali kumsonkhano. Mabwana anu amakhala kumsonkhano tsiku lililonse limene kasitomala wabwera ndi funso, koma tsiku lodula intaneti munthu akachedwa kulipira, pamenepo msonkhano kulibe.

Mtima utandipsa ndinati chabwino, ndibwezereni pa pulani yanga yakale lero lomwe. Anati ndikhoza kutsika koma ndalama sizibwezedwa, n'kuyambanso kudina foni yake. Apanso anandimasulira ndi mlamu. Potsika masamu ndi omwewo, kungoti atembenuka. Nditatsika patatsala masiku 10, ndiye kuti ndalipiratu K2,400 patsiku pa masiku amene tsopano mtengo wake ndi K1,500, ndipo K9,000 ndi yanga. Makampani ena amaisunga pa akaunti n'kuichotsera pa bilu yotsatira, moti m'malo mwa K45,000 ndikanalipira K36,000, ngakhale sakupatsa m'manja. Ena amakusiya pa pulani yaikulu mpaka mwezi wa bilu uthe, kenako n'kukutsitsa, ndiye palibe chobweza chifukwa masiku ako wawadya onse. Njira ziwirizi zonse ndi zomveka. Chosamveka n'chakuti munditsitse liwiro lero, K9,000 n'kusowa. Ndiye ndiuzeni poyera, inu mumatsata iti? Chifukwa ngati pokwera mumawerenga tsiku ndi tsiku mpaka kuonjezapo atatu a bonasi, koma potsika masamu akuvutani, pamenepo ndiye pali mawu ena amene sindikufuna kuwalemba pano.

Ena mudzati K2,700 n'chiyani, mayiwa akungochita phokoso. Bwerani mudzakhale pa shopu panga muone kuti ndi mapepala angati amene ndiyenera kupulinta kuti ikwane. Ndipo pofunafuna K2,700 imeneyo ndataya K8,000 ya minibasi, osawerengera makasitomala amene anapeza chitseko chotseka. Amene munasinthapo pulani pakati pa mwezi, tulutsani bilu zanu, muyerekeze tsiku limene anayambira kuwerenga ndi tsiku limene uthenga wotsimikiza unafika, mundiuze ngati ndili ndekha.

Zimene ndikufuna nazi. Muchotse K2,700 pa akaunti yanga ndipo munditumizire bilu yokonzedwa yoonetsa masiku ndi mtengo wa tsiku, osati kamzere kamodzi ka Chingerezi. Mundiyankhe za kutsika zija molemba. Mtsikana uja sindikufuna achotsedwe ntchito, mwina nayenso palibe anamuphunzitsa masamuwa, koma wamkulu wake andiimbire foni. K85,500 ndalipira kale dzulo kuti musapeze chifukwa chondidulira, lisiti ndili nayo. Musandiuze kuti nditumize uthenga kumbali, ndinatumiza atatu ndipo onse anawerengedwa. Likafika Lachisanu muli chete, bilu, uthenga wanu uja, lisiti ndi envulopu ya mlamu wanga ndikazitula ku MACRA ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula, ndipo rauta yanu mudzabwera kudzaitenga nokha ku Area 25, pa minibasi yolipira inu.